Kupanga parasetamolo poyambira kumapeto

"Ndili patchuthi kwathu ku Santhe, ku Kasungu, ndikukonzekera mayeso a kemisitiri. Mariyakishoni ndinawaloweza, koma akandipatsa molekyu n'kunena kuti ndiipange kuchokera ku zinthu zosavuta kupeza, mutu umangoima. Ndiyambire pati?"

Achemwali, yambirani pa molekyu yomwe mwapatsidwayo, n'kumabwerera chammbuyo. Funso lake likhale limodzi nthawi zonse: kodi riyakishoni yomaliza popanga chinthuchi ingakhale iti? Amene anaika njirayi m'dongosolo ndi E. J. Corey wa ku Harvard, ndipo analandira nayo mphoto ya Nobel mu 1990.

Titenge mankhwala omwe ali mu panado wa pagolosale, parasetamolo: HO–C6H4–NH–CO–CH3. Ndi mkombero wa benzini wokhala ndi OH pamalo 1, ndipo moyang'anizana nayo, pamalo 4, pali NH–CO–CH3.

Telala wa pakhonde akafuna kudziwa momwe malaya anasokedwera, amamasula pamsoko, sang'amba pakati pa nsalu. Molekyu nayo ili ndi misoko, kutanthauza mabondi omwe timadziwa kale kuwalumikiza. Apa msoko woonekeratu ndi bondi ya pakati pa N ndi CO, ija ya amaidi. Mukaidula papepala mumatsala ndi 4-aminofenolo ndi kachidutswa ka CH3CO+. Kachidutswa aka simungakapeze m'botolo, n'kongoganizira chabe, choncho mumafunafuna mankhwala enieni omwe angagwire ntchito yake. Pano ndi asetiki anihaidiraidi, (CH3CO)2O. Ambiri amalakwitsa pomwepa: amadula paliponse pomwe paoneka pabwino, chonsecho palibe riyakishoni yodziwika yolumikizira pomwe adulapo. Kudula kotero kulibe malikisi.

Tsopano 4-aminofenolo ndiye chandamale chatsopano. NH2 siikidwa mwachindunji pamkombero wa benzini mosavuta, koma NO2 imaikidwa, ndipo NO2 imasanduka NH2 mukaipatsa haidirojeni mothandizidwa ndi paladiyamu. Apa sitinadule kanthu, tangosintha gulu limodzi kukhala linzake kuti kudula kotsatira kutheke. Tikachotsa NO2 tafika pa fenolo, yomwe ndi yotchipa.

parasetamolo ⇒ 4-aminofenolo ⇒ 4-naitirofenolo ⇒ fenolo

Muvi wa mizere iwiriwo ukutanthauza "chingapangidwe kuchokera ku", si muvi wa riyakishoni.

Musaike cholembera pansi, chifukwa ntchito yeniyeni ndi kuyendanso njirayi chamtsogolo, mukukayikira sitepe iliyonse. Bwanji taika NO2 pa fenolo, m'malo moyamba ndi naitirobenzini n'kuikapo OH? Chifukwa gulu lomwe lili kale pamkombero ndilo limalamula komwe latsopano likhale. OH imakankhira ma elekitironi mumkombero n'kutumiza gulu latsopano pamalo 2 kapena 4. NO2 imakoka ma elekitironi, imafooketsa mkombero, ndipo imatumiza pamalo 3, pomwe ife sitikupafuna. Ndondomeko ikatembenuka, zidutswa n'zomwezo koma chotuluka n'china.

Ngakhale ndi fenolo, zinthu siziyenda mosalala. Asidi wa naitiriki ayenera kukhala wosukuluka ndi madzi, kutentha kusapitirire madigiri 20, apo ayi mupeza phula lakuda kapena ma NO2 angapo pamkombero umodzi. Komanso mumapeza mitundu iwiri yosakanikirana, 2-naitirofenolo ndi 4-naitirofenolo. Mwayi wake ndi woti mu mtundu wa 2, OH ndi NO2 n'zoyandikana ndipo zimagwirana zokhazokha ndi bondi ya haidirojeni, motero molekyuyo sigwirana kwambiri ndi zinzake ndipo imauluka ndi nthunzi ya madzi. Ya 4 imatsalira m'botolo. Kuti mutsimikize, ya 2 imasungunuka pa madigiri 45, ya 4 pafupifupi pa 114. Pamayeso lembani ndithu momwe mulekanitsire ziwirizi, aphunzitsi amaziyang'ana.

Sitepe yomaliza ili ndi funso lakelake. 4-aminofenolo ili ndi NH2 komanso OH, zonse zikhoza kulandira CH3CO. NH2 ndiyo imachita changu, choncho mukathira anihaidiraidi wongokwanira, OH imatsala yosakhudzidwa. Mukachulutsa n'kutenthetsa nthawi yaitali, nayonso imagwidwa. Mungazindikire ndi FeCl3, yomwe imaonetsa mtundu wa buluu wopita ku pepo ngati OH ya fenolo ikadalipo, komanso parasetamolo yoyera imasungunuka pa madigiri 169. Ndipo 4-aminofenolo musaigonetse, imada ikakhalitsa pamphepo.

Pali chinanso choti muziwerengera mukamasankha pakati pa njira ziwiri. Zomwe mumapeza pa sitepe iliyonse zimachulukitsidwa, siziphatikizidwa. Tingoyerekeza kuti sitepe yoyamba yapereka 40 peresenti chifukwa cha mtundu wa 2 wotayidwa uja, ndipo ziwiri zotsatira 80 iliyonse: 0.4 × 0.8 × 0.8 ndi pafupifupi 26 peresenti. Sitepe yotayitsa kwambiri ndi bwino ikhale koyambirira ngati mmene ilili apamu, pomwe chotayikacho ndi fenolo wotchipa, osati chinthu chomwe mwachivutikira kale masitepe awiri.