Moto ulowa bwanji m'mfuti ya gogodela?

"Achimwene, ndawerenga za mfuti zakale zinayi: machiloko, wililoko, filintiloko ndi pekashoni. Kodi zimasiyana pati powomba? Mnzanga akuti zonsezo ndi gogodela basi, palibe chosiyana."

Mnzanuyo sananame kwenikweni, koma wandikhudza pachilonda. Ndili ndi zaka 11 ndinaphonyetsa agogo anga aamuna nguluwe chifukwa cha maganizo ngati omwewo, oti mfuti ndi paipi, wonga ndi chipolopolo, kwatha.

Agogo anali ndi gogodela imene inkakhala kuseri kwa chitseko, yokulungidwa m'chiguduli. Ine pofuna kuyamikiridwa ndinaitenga iwo atapita kumaliro, n'kuipukuta ndi oyilo wa njinga. Ndinathira paliponse, mpaka pa kansonga kachitsulo koboola pakati kamene kali kumbuyo kwa paipi. Inawala ngati yatsopano. Usiku wake anaithira wonga, kugogodera chipolopolo ndi kandodo kake, ife ulendo kumsasa kukalondera chimanga. Nguluwe zinafika mwezi utapendeka. Agogo anaveka kachipewa ka mkuwa pa kansonga kaja, kuloza, kukoka. Kunangomveka "pha!" ngati mwana waphulitsa pepala. Mfuti zii. Nguluwe liwiro la mtondo wadooka.

Ine ndinadzuka kuti ndikasuzumire. Anandigwira pakhosi pa malaya, mfuti ikadalozabe kumunda, n'kunena motsitsa kuti, "Khala pansi iwe. Ikhoza kuganiza mochedwa." Anaigwira chomwecho kwa kanthawi ndithu, chifukwa moto nthawi zina umayenda pang'onopang'ono mu wonga wonyowa, mfuti n'kulira munthu ataiwala. Kutacha ananunkhiza kansongako, n'kundiyang'ana. Sanandimenye. Bola akanandimenya.

Zimene ndinaphunzira tsikulo n'zakuti nkhani yonse yagona pa kabowo kamodzi. M'mfuti zinayi zonsezi wonga waukulu uli m'kati mwa paipi, kumbuyo kwa chipolopolo, ndipo moto uyenera kuupeza kudzera pa kabowo kakang'ono. Kusiyana kwake ndi kumene motowo ukuchokera.

Machiloko, imene inayamba ku Ulaya m'zaka za m'ma 1400, moto wake umachita kuunyamula. Msilikali ankayenda ndi chingwe chimene chinkanyeka pang'onopang'ono ngati ndudu, chopanidwa pa kachitsulo kokhota. Pambali pa kabowo kaja pali kambale kothiramo wonga pang'ono. Ukakoka chala, chingwe chiwerama n'kugunda m'kambale, wonga uja uyaka, lawi lilowa pa kabowo. Taganizani mutakhala pamsasa paja ndi chingwe chofuka utsi. Nguluwe ikadanunkhiza ili kutsidya kwa dambo. Mvula ikagwa, chingwe chazima. Komabe inali yotsika mtengo ndi yosavuta kusula, n'chifukwa chake Apwitikizi atafika nayo pachilumba cha Tanegashima mu 1543, amisiri a ku Japan sanachedwe kupanga zawo.

Tsono apa ndi pamene ndimakangana ndi anthu. Ambiri amazindandalika ngati makwerero, kuti iliyonse inaposa ya m'mbuyo mwake n'kuichotsa. Ayi ndithu. Wililoko inabwera cha m'ma 1500, koma sinachotse machiloko m'manja mwa asilikali wamba. Zinakhalira limodzi zaka zoposa 100, chifukwa wililoko ndi wotchi, si chida cha mmphawi. Ili ndi kagudumu kachitsulo ka mano. Umakapotokola ndi sipanala, katcheni n'kukoka sipuling'i yolimba. Kenako umatsamiritsa pa gudumupo kamwala ka payiraiti, kaja konyezimira ngati golide. Ukakoka chala, gudumu lizungulira mwamphamvu, likwecha kamwala, mbaliwali zigwera mu wonga wa m'kambale momwemo. Laitala ya ndudu imagwira ntchito mofananako. Ukataya sipanala, watsala ndi chibonga. Katcheni kakaduka, mpaka upeze mmisiri weniweni.

Koma inasintha chinthu chimodzi choopsa: mfuti inatha kubisika m'malaya ili yokonzeka, popanda utsi. Mu 1584 William wa ku Orange, mtsogoleri wa ku Netherlands, anawomberedwa m'nyumba mwake mumzinda wa Delft ndi kamfuti ka m'manja ka mtundu umenewu. Ndi chingwe choyaka, wachiwembuyo akanaonekera ali pakhomo.

Za mwala ndi kachipewa

Filintiloko ndimaikonda, sindibisa. Imene timaidziwayi akuti inakhwima ku France cha m'ma 1610, m'manja mwa mmisiri wa mfuti Marin le Bourgeoys. Nsangalabwi yosemedwa ngati tchizulo imapanidwa pa kanyundo ka sipuling'i. Kutsogolo kwake kwaima kachitsulo kolimba, kamene phazi lake ndilo chivundikiro cha kambale. Kanyundo kakagwa, mwala upala chitsulo, n'kuchikankha, kambale katseguka nthawi yomweyo, mbaliwali zigweramo. Kumenya kumodzi, ntchito ziwiri. Ndipo anthu ambiri sadziwa kuti choyakacho si mwala. Ndi tizipalo ta chitsulo timene mwala wakwatula, totentha psuu. Pa wililoko ndi mosiyana, gudumu ndilo limadya kamwala. Tsono pa filintiloko nsangalabwi ikabuntha, mfuti imangoti "kwatya" opanda moto, ndipo asilikali ankayenda ndi miyala yapadera m'thumba. Ku Brandon, ku Mangalande, kunali anthu amene ntchito yawo inali kusema miyala imeneyi, ndipo ina inkatumizidwabe ku Africa kuno mpaka m'zaka za m'ma 1900.

Vuto lake n'kambale komweko. Lawi limayamba kuoneka panja, chipolopolo n'kutsatira pambuyo pang'ono. Kachedwedwe kameneka ndi kamene akuti kankakwiyitsa m'busa wina wa ku Belhelvie, ku Scotland, Alexander Forsyth, chifukwa abakha akutchire ankaona kung'anima n'kuthawa. Mu 1807 analembetsa njira yake yogwiritsa mankhwala ophulika akamenyedwa. Tizipewa ta mkuwa tinabwera pambuyo, cha m'ma 1820, m'manja mwa anthu ena. Ndiyo pekashoni, ya agogo ija: kachipewa kokhala ndi kadontho ka mankhwalawo kamavala kansonga, kanyundo kamenya, lawi lithamangira m'kati mwa kansonga kukapeza wonga. Kambale palibe. Mphepo ilibe choti iuluze, mame alibe poti alowe mosavuta.

Kwa ine apa ndi pamene pali malire enieni. Zitatu zoyambazo ndi pachibale, zonse zimayatsa wonga wa panja kuti ukayatse wa m'kati. Pekashoni inataya zimenezo, ndipo kabatani kali kumbuyo kwa chipolopolo cha masiku ano ndi mdzukulu wa kachipewa komweko. Mtengo wake ndi wakuti unayamba kudalira sitolo. Mwala wobuntha ukhoza kuugoba n'kuwomberanso, koma tizipewa tikatha, tatha. Agogo ankatisunga m'kachitini ka fodya ndipo ankatiwerenga ngati ndalama.

Nanga langa lija linali vuto lanji? Kachipewa kanalira, ndiye kanali kabwino. Kanyundo kanamenya bwino. Oyilo ndi amene anatsikira m'kansonga, kutseka njira n'kunyowetsa wonga wa kumapeto. Odziwa amayamba aphulitsa kachipewa kamodzi mfuti ilibe kanthu, kuti njira iume. Agogo sanatero chifukwa sankadziwa kuti wina waigwira.

Mnzanuyo mukamuuze kuti ayang'ane pambali pa mfuti. Akaona chingwe, moto wake ngochita kunyamula. Akaona gudumu ndi polowetsa sipanala, ngochita kukwecha. Mwala moyang'anizana ndi chitsulo choimirira, ngochita kupala. Akasowa kambale n'kuona kansonga, imeneyo ndi ya kachipewa, ndipo asaithire oyilo pamenepo.