Mwayeza msanga asisi, dikirani tsiku la piriyodi lifike kaye

"Amayi anzanga ndithandizeni. Ndinayamba kusamba pa 2 Meyi, ine ndimayendera masiku 28 osaphonya, nde ndikuyembekezera pa 30. Tinagonana ndi abambo akunyumba pa 14 ndi pa 15, tikufuna mwana. Mawere akupweteka, ndikungotopa, pena kanseru. Lero pa 24 ndayeza ndi kachipangizo ka ku famase katuluka mzere umodzi. Nde kuti mimba palibe? Timayezedwe timeneti timanena zoona koma?"

Asisi musataye mtima, mzere umodziwo lero sukunena chilichonse, olo mimba itakhalapo kachipangizoko sikakanaiona. Kamagwira ntchito bwinobwino koma kali ndi nthawi yake, ndipo inu mwakafunsa nthawi isanakwane. Tiyeni tiwerenge limodzi masiku anuwo muone.

Dzira limatuluka pafupifupi masiku 14 piriyodi yotsatira isanabwere, nde kwa inu ndi cha pa 16 Meyi, mwina 15 mwina 17 poti thupi silitsata kalendala ndendende. Masiku amene munakumana ndi abambowo ndi abwino ndithu chifukwa umuna umatha kukhala wamoyo mkati mpaka masiku 5 kudikira dzira. Koma dzira likakumana ndi umuna sikuti basi thupi ladziwa ayi, limayenda kaye pang'onopang'ono m'kachubu kupita m'chiberekero nkukamatirira kukhoma kwake, ndipo zimenezi zimachitika pakati pa masiku 6 ndi 12 chitulukireni dziralo, kwa ambiri tsiku la 8 mpaka la 10. Kwa inu ndiye pakati pa 22 ndi 28 Meyi. Mukuona? Lero pa 24 mwina likumatirira kumene, mwinanso silinafike nkomwe.

Tsono kachipangizo kaja kamafufuza homoni imodzi yokha mumkodzo, pa paketi amalemba kuti hCG, ndipo homoni imeneyi thupi limayamba kupanga dzira likamatirira, osati tsiku logonana. Imayambira pansi penipeni nkumawirikiza kawiri pa masiku awiri kapena atatu alionse. Timasitiripi tambiri timayamba kuona ikafika pa 25, mukayang'ana pa paketi pamalembedwa 25 mIU/ml, tina todulirapo timalemba 10. Nde tingoyerekeza kuti lero ili pa 5, mkuja ikhala 10, pakapita masiku ena awiri 20, kenako 40, ndiye kuti pafunika pafupifupi sabata kuti mzere wachiwiri uoneke. Ija amalemba pa bokosi kuti 99% amanena za munthu amene wayeza kuyambira tsiku limene amayenera kusamba, osati sabata lisanafike tsikulo.

Za zizindikirozo ndikuuzeni chilungamo ngakhale ndikudziwa kuti si zimene mtima ukufuna kumva. Dzira likangotuluka thupi la mayi aliyense limachulutsa homoni ina yotchedwa pulojesiteroni, kaya pali mimba kaya palibe. Imeneyi ndi imene imatupitsa mawere nkumapweteka, imabweretsa kutopa ndi tulo, kutupikana m'mimba, kudzimbidwa, kukwiya msanga, ngakhale kanseru kapatalipatali. Ngati mimba palibe homoniyi imatsika nde mumasamba, ngati ilipo imapitirira kukwera. Ndiye sabata yomaliza ija mayi woima ndi mayi amene akukasamba amamva zofanana, palibe angasiyanitse ndi mawere okha, olo anamwino. Komanso ukakhala ukufunitsitsa mwana umamvetsera kalikonse kochitika m'thupi, zimene mwezi wathawu zinachitikanso koma sunazilabadire. Sindikunena kuti mukudzinamiza ayi, ululuwo ndi weniweni, kungoti sukutiuza mbali imene zinthu zili.

Nseru yeniyeni ya mimba, ija yolavula malovu ndi kudana ndi fungo la mafuta ophikira kapena usipa, kwa ambiri imayamba piriyodi itadutsa kale ndi sabata imodzi kapena ziwiri. Kukodza pafupipafupi ndi kuda kwa nsonga za mawere nazonso zimabwera pambuyo. Chimene ena amaona tsiku lisanafike ndi timadontho ta magazi tochepa, tofiirira kapena ta bulauni, tongodetsa kabudula wamkati tsiku limodzi kapena awiri osadzaza padi, koma amayi ambiri oyembekezera saona zimenezi nde musamakhale mukusuzumira kuti bwanji sizikubwera. Chizindikiro choyamba chodalirika ndi piriyodi kusabwera basi, makamaka kwa munthu ngati inu amene masiku ake sasinthasintha.

Ine ndikanakhala inu ndikanasunga ndalama, osagulanso tina sabata ino. Yezani pa 31 m'mawa ngati pa 30 padutsa mwakachetechete. Ukatuluka mzere umodzi koma kusamba osabwera, bwerezani pa 2 kapena pa 3 Juni, chifukwa dzira likachedwa kutuluka ndi masiku atatu zonse zija tawerengazi zimasunthanso ndi masiku atatu, ndipo limachedwa ndithu ukadwala kapena ukakhala ndi nkhawa. Pofika pa 5 Juni padzakhala patapita masiku 21 chigonaneni pa 15 paja, apo ndiye yankho la kachipangizo mutha kulikhulupirira. Lamulo la masiku 21 limeneli ndi lothandizanso kwa anzathu amene masiku awo ndi osokonekera, kapena akuyamwitsa, kapena angosiya kumene jakisoni wa depo ndipo sakudziwa kuti asamba liti, muziwerenga kuchokera tsiku lomaliza limene munagonana osadziteteza. Ikadutsa sabata yathunthu mzere udakali umodzi kusamba kulibe, pitani kuchipatala akakuoneni.

Kayezedwe kake nakonso ambiri timalakwitsa. Gwiritsani ntchito mkodzo woyamba wa m'mawa chifukwa wakhala usiku wonse ndipo homoni ija imakhala yochuluka, mukayeza masana mutamwa tiyi ndi madzi ambiri mkodzo umasungunuka nde kamzere kamene kakanaoneka kamabisala. Kodzerani m'kakapu koyera kouma kopanda sopo, viikani kasitiripi mbali imene mivi yalozera koma mkodzo usapyole mzere wolembedwa MAX, masekondi ochepa amene alemba pa paketi, kenako kagonekeni pamalo ouma. Ngati ndi kaja kapulasitiki kokhala ndi kabowo ndiye mumadonthezera madontho ndi kachubu kamene kamabwera m'paketimo, osathira mkodzo pawindo powerengera. Werengani pa nthawi imene alemba, nthawi zambiri ndi mphindi 3 mpaka 5, ikani alamu pa foni. Zikadutsa mphindi 10 tayani, osakatolanso m'bini madzulo kukaunika ndi tochi, chifukwa mkodzo ukauma umasiya kamzere kotuwa kopanda mtundu kamene kaliritsa amayi ambiri pachabe.

Mizere ija ili ndi mayina. Wa pa C ndi wongosonyeza kuti kachipangizo kali bwino, umayenera kutuluka nthawi zonse, ukapanda kutuluka ndiye kachipangizoko nkowonongeka olo winawo utaoneka, yambiraninso ndi kena. Wa pa T ndiye wa mimba. Ukatuluka mkati mwa nthawi yake ndipo uli ndi mtundu, olo utakhala wofooka bwanji, ndiye kuti homoni ilipo, bwerezani pakapita masiku awiri muona ukuderako. Pogula onani deti ya ekisipaya ndiponso kuti kapaketi nkomata bwino, tija timakhala padzuwa pa benchi tsiku lonse kapena tonyowa ndi chinyezi musatidalire, bola ku famase kapena kuchipatala.

Kunama kwa timayezedweti kumakhala kwambiri mbali imodzi, kunena kuti palibe pomwe ilipo, chifukwa cha kufulumira ndi mkodzo wosungunuka. Kunena kuti ilipo pomwe palibe sikuchitikachitika, ndipo kukachitika pamakhala chifukwa chake. Mayi amene wangopita padera kapena wangobereka homoni ija imatsalira m'thupi kwa masabata angapo, pena kupitirira mwezi. Amene akulandira jakisoni wothandiza kubereka wokhala ndi hCG nayenso mizere iwiri imatuluka. Koma mapilitsi olera, depo, panado, maantibayotiki, mankhwala a malungo ngakhale ma ARV sasintha zotsatira, nde wina asakuuzeni kuti ndi mankhwala amene abisa mimba.

Palinso china chimene chimandipangitsa kuti ndizikaniza anthu kuyeza msangamsanga. Mimba zambiri ndithu zimayamba nkuchoka zokha m'masiku oyambirira enieniwo, dzira linamatirira koma silinapitirire kukula. Munthu amene sanayeze amangoona ngati piriyodi yachedwa masiku awiri nkubwera yambiri, koma amene anayeza pa 27 nkuona kamzere kofooka, nkuuza abambo, kenako pa 1 magazi, amasweka mtima koopsa. Kachipangizo sikananame apo, ndipo mayiyo sanalakwitse kanthu, sikuti ananyamula ndowa yolemera kapena wina wamuchita chipongwe, komanso sizitanthauza kuti sadzabereka.

Zija zikuyenda m'mafoni zoti thirani mchere, shuga kapena mankhwala otsukira mano mumkodzo muone ngati uchite thovu, zonsezo nzabodza, mchere sudziwa homoni. Ya jiki ndiye musayese nkomwe, ikasakanikirana ndi mkodzo imatulutsa mpweya wopweteka maso ndi pachifuwa.

Podikira masiku amenewa muzikhala ngati mimba ilipo. Mowa ayi, mankhwala ongogula pa okala kapena azitsamba osafunsa ayi, ndipo ngati simunayambe kumwa mapilitsi a foliki asidi yambani, 400 mcg patsiku, chifukwa msana ndi ubongo wa mwana zimaumbika m'masabata oyambirira enieni mayi asanadziwe nkomwe kuti waima. Kutopako kukabwera ndi kutentha thupi, mutu kapena kuphwanya m'thupi musati ndi mimba, kayezetseni malungo ndipo muwauze adokotala kuti mwina ndinu oyembekezera kuti asankhe mankhwala oyenera.

Mizere iwiri ikatuluka yambani sikelo mwezi womwewo osadikira kuti mimba ioneke kaye. Ndipo ichi chokha musachiiwale asisi, kaya mzere ndi wowala kaya wofooka, mukamva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, magazi akutuluka, chizungulire chofuna kukomoka kapena kupweteka pa nsonga ya phewa, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo olo usiku. Pena dzira limamatirira m'kachubu m'malo mwa m'chiberekero, kachipangizo ka mkodzo sikangakuuzeni pamene mimba yakhala, ndi sikani yokha imene imaona, ndipo kachubuko kakaphulika mayi amataya magazi mkati mofulumira kwambiri.