Pamene tchuthi chaleka kuchotsa kutopa

"Ndine mphunzitsi. Tangotsegulira kumene sukulu koma ndatopa ngati sindinapume, ndipo ana amene ndinkawakonda akungonditopetsa. Anzanga aphunzitsi ndi anamwino, mumatani zikafika apa?"

Aphunzitsi, ine ndine namwino, ndipo usiku umene ndinadziwa kuti zafika poipa ndinali ndekha m'wodi yodzaza, chifukwa mnzanga anadwala ndipo akuluakulu sanatumize wina wolowa m'malo mwake. Bambo wina wachikulire anamwalira m'bandakucha. Mwana wake wamkazi anadzigwetsa pansi n'kundigwira mwendo akulira, koma ine maso anali pa wotchi, ndikuwerengera mumtima kuti dilipi ya pa bedi loyandikana yatsala pang'ono kutha ndiponso kuti lipoti sindinalembe. Chisoni sindinachimve ngakhale pang'ono, ndipo chimene ndinkafuna chinali chakuti mayiyo andisiye mwendo. Kutacha ndinafotokozera mkulu wa wodi, ndipo anandiyankha pamaso pa anzanga kuti unamwino ndi maitanidwe, wotopa avule yunifolomu, kenako anandilembanso pa ndandanda ya usiku womwewo. Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa, chifukwa anatenga vuto la kuchepa kwa antchito, limene linali udindo wake, n'kulisandutsa ulesi wanga.

Kuuma mtima kumeneko ndi chimodzi mwa zizindikiro zitatu zimene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatchula mu 2019, pamene linafotokoza kutopa kotheratu ngati vuto lochokera ku ntchito, osati matenda. Zina ziwirizo ndi kutha mphamvu ndiponso kuona kuti ntchito yako siikupindulanso kanthu. Kutopa wamba kumatha munthu akagona bwino masiku angapo, koma kumeneku kumabwerera, ndipo ofufuza anapeza kuti mpumulo wa tchuthi umazilala pakangotha milungu yochepa ngati ntchitoyo sinasinthe. Mu 2002 Linda Aiken ndi anzake anafufuza zipatala 168 ku Pennsylvania, ndipo anapeza kuti wodwala mmodzi aliyense woonjezera pa namwino ankakweza chiopsezo cha kutopa kotheratu ndi 23 peresenti. Choncho munthu asakunamizeni kuti vuto ndi mtima wanu wofooka.

Pa zimene munthu angachite payekha, chimene chili ndi umboni wabwino ndi chimene Sabine Sonnentag wakhala akufufuza, chomwe ndi kuchotsa maganizo pa ntchito ukaweruka. Kuchoka pasukulu sikukwanira ngati mutu watsalira m'kalasi. Mphunzitsi amene amachonga makope mpaka nthawi yogona, foni ikulira mauthenga a makolo, thupi lake silibwerera m'malo, ndipo tsiku lotsatira amayamba ntchito atatopa kale. Sankhani ola limene kuchonga kumathera, zivute zitani. Musanatseke chikwama, lembani zimene zatsala ndi nthawi imene mudzazichite mawa, chifukwa ntchito yosamalizidwa imene ilibe dongosolo ndiyo imazungulira m'mutu usiku. Kenako chitani chinthu chofuna maganizo anu onse, monga kuimba ndi anzanu kapena kuthamanga, popeza kungokhala phee kumapereka mpata woti nkhani za kuntchito zibwerere. Kwa ife a usiku, khofi wa chakumapeto kwa shifiti amawononga tulo ta masana, chifukwa theka la mphamvu yake limakhalabe m'thupi pakatha maola pafupifupi 5.

Komabe pitani mukalankhule ndi mphunzitsi wamkulu, ngakhale kuti mkulu wanga wa ku wodi sanandimvere ndipo ine ndinapezako bwino nditasamutsidwira ku wodi ina. Wofufuza wina, Robert Karasek, anasonyeza mu 1979 kuti ntchito yochuluka imapweteka kwambiri pamene munthu alibe mphamvu yosankha mmene aigwirire, choncho musapite ndi mawu akuti ndatopa, pakuti amenewo amayankhidwa ndi ulaliki. Pitani ndi pempho limodzi looneka, monga kuchotseredwa udindo umodzi wa kunja kwa kalasi teremu ino, kapena kuloledwa kuchonga mokwanira ntchito imodzi pa mlungu pamene zina ana akuchongerana m'kalasi inu mukuyang'anira. Mupite ndi mnzanu amene akuvutika mofanana, ndipo pempholo likhale lolembedwa.

Chinthu chimodzi musachichedwetse. Ngati kusasangalala kwakutsatirani mpaka kunyumba, moti kwa milungu 2 kapena kuposa simukukondwanso ndi chilichonse, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasokonekera, kapena mukuganiza zodzivulaza, pamenepo mwina ndi matenda a kukhumudwa, ndipo mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo mlungu uno womwe, musanayambe n'komwe zokambirana ndi akuluakulu a pasukulu.