“Wandisiya” kapena “Sindinafufute”?

“Anzanga, ndajambula nyimbo yokumbukira achimwene anga omwe anamwalira chaka chatha. Kolasi yake imati ‘nambala yanu sindinafufute, mwina tsiku lina mudzayankha.’ Amene anandijambula akuti ndiitche ‘Wandisiya’ chifukwa mitu ya chikondi ndiyo anthu amadina msanga. Ine mtima ukukana, koma ndikufunanso kuti imvedwe. Mawu omwewo ndikufuna ndidzawalakatulenso ngati ndakatulo. Ndipange bwanji?”

Pepani kwambiri ndi imfa ya achimwenewo. Mtima wanuwo ukukana zoona, ndipo chifukwa chake chili m'mawu omwewo. Tatchulani mokweza: “Wandisiya.” Munthu akamwalira timati “atisiya” kapena “anatisiya”, mwaulemu, ndipo “ti” ameneyo amasonyeza kuti osiyidwa ndife ambiri. Koma “wandisiya” aliyense amamva chibwenzi chatha kapena banja lapasuka. Kolasi yanu ikuti “yanu”, ikuti “mudzayankha”, kulankhula ndi munthu wamkulu, pamene mutuwo ukukamba za munthu ngati mnzanu wongotchulana naye dzina. Nyimbo isanayambe n'komwe, mutu ndi mawu ake zasemphana kale.

Ajambuliwo sakunama kuti anthu adzadina. Koma funsani kuti adzadina ndani. Adzadina munthu amene wangokanidwa kumene, akufuna nyimbo yoti aziimbira wachikondi wake wakale. Akamva vesi yoyamba ikukamba za chipatala ndi manda, adumpha. Kudumphako kumawerengedwa. Pa Spotify, nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa pokhapokha munthu akafika masekondi 30, ndiye wochoka pa sekondi 15 sanakupatseni kanthu. Pa YouTube namonso, mukalowa mu YouTube Studio, malo omwe mwini kanema amaonera momwe ikuyendera, mupeza mzere wosonyeza pomwe anthu amasiyira kuonera. Odina akamachuluka koma mzerewo n'kumagwa pomwe pakumveka mawu oyamba ofotokoza nkhani yeniyeni, kawirikawiri ndiye kuti mutu kapena chithunzi chinaitana anthu olakwika. Choipa kwambiri n'chakuti munthu woferedwa, amene nyimboyi ikanamugwira mtima n'kuitumiza kwa abale ake onse, aona “Wandisiya” n'kupitirira, poganiza kuti ndi zachibwenzi zomwe zija.

Ine zinandichitikira pa ndakatulo. Ndinalemba za agogo anga atasiya kuona, momwe ankandipapasira kumaso ndi zala kuti adziwe kuti wabwera ndani. Pofuna kukopa anthu ndinaitcha “Maso Ako”. Tsiku lolakatula, nditangotchula mutuwo, anyamata kumbuyo anayamba malikhweru, atsikana akugundana zigongono, aliyense akudikira zoyamikira chiphadzuwa. Ndime ziwiri zoyamba zinathera m'phokoso. Pomwe anazindikira kuti ndikunena gogo wosaona, holo inangoti zii, koma ziizo zinali za manyazi osati zokhudzidwa. Ndikanangoti “Maso Anu, Agogo” akanakhala chete kuyambira pachiyambi.

Sindikunena kuti mutu uziulula zonse, ayi. “Nyimbo Yokumbukira Achimwene Anga Omwe Anamwalira” ndi mutu woona, koma wathera nkhani pakhomo, munthu alibenso cholowera m'nyumba. Kubisa n'kololedwa, kunamiza ndiko ayi. Mutu wobisa umasiya funso lomwe nyimbo idzayankhe. Mutu wonamiza umayankhiratu funsolo ndi yankho labodza. Muyeso wanga ndi uwu: munthu akamaliza kumvera n'kubwerera pa mutu, anene kuti “ohoo, n'chifukwa chake”, asanene kuti “nanga zija zili pati?”

Tsono mutu wanu munaulemba kale, uli mu kolasi. “Sindinafufute.” Liwu limodzi, koma limafunsa lokha: sanafufute chiyani, nanga bwanji? Silinatchule imfa, silinatchulenso chibwenzi. Wina akhoza kulowa akuganizabe zachikondi, inde, poti nawonso osiyana chibwenzi amasunga manambala. Kusiyana kwake n'kwakuti mutuwo sunamulonjeze zimenezo, ndipo akafika pa kolasi apeza chinthu chomwe mutu unanena, nambala yosafufutidwa, chili pakatikati pa nyimbo. Sachoka akumva kuti wapusitsidwa. Ngati mukufuna ulemu umveke pamutu pomwepo, “Nambala Yanu” ulinso bwino, chifukwa “yanu” akuchenjezeratu kuti ameneyu si wachibwenzi wamba. Ineyo ndikanasankha “Sindinafufute”, poti ndi mneni, muli chochita, muli kukakamira kwa munthu amene chala chake chafika pa batani kangapo n'kubwerera.

Pali chifukwa china chotengera mutu mu kolasi, ndipo ichi n'cha nyimbo makamaka. Nthawi zambiri nyimbo munthu amaimva asanaone mutu wake, pa wailesi, m'galimoto ya wina, pa foni ya mnzake. Akafuna kuisaka amalemba mawu omwe atsala m'mutu mwake. Wa nyimbo yanuyi adzalemba “nambala yanu sindinafufute”. Sadzalemba “wandisiya” chifukwa liwulo mu kolasi mulibe. Musanatsimikize, lembani mitu yonse itatu posakira pa YouTube ndi pa Spotify, muone kuti ndi nyimbo zingati zomwe zili kale ndi dzina lomwelo. M'mayiko ambiri mutu paokha sutetezedwa ndi lamulo la umwini wa zaluso, ndiye kufanana si mlandu kwenikweni, koma woimba watsopano amakwiririka pansi pa otchuka omwe anagwiritsa kale dzinalo.

Kenako yesani pa anthu. Pezani asanu omwe sanaimvepo nyimboyo, osati apabanja panu poti iwo nkhani akuidziwa. Auzeni mutu wokha, muwafunse kuti akuganiza kuti ikukamba za chiyani, nanga ndi yovina kapena yongokhala pansi. Akamati “sindikudziwa, koma ikuoneka yachisoni”, mutu uli bwino. Akamayankha motsimikiza koma molakwika, onse mbali imodzi, mutuwo ukunama. Mukatero aimbireni nyimboyo kamodzi, mawa lake muwafunse kuti ija imatchedwa chiyani. Dzina lomwe adzaipatse okha ndi lofunika kulimvera kuposa maganizo a ife tonse.

Ku ndakatulo zinthu zimatembenuka pang'ono. Kumeneko mutu ndiwo umayamba, wowerenga amauona pamwamba, wolakatula amautchula asanayambe, ndiye umakhala ngati mzere woyamba wa ndakatuloyo. Choncho ukhoza kunyamula chinthu chomwe mizere sikunena. Tiyerekeze kuti mu ndakatulo mwachotsa mawu onse otchula imfa, mwangosiya foni yoitana osayankhidwa. Mukaika mutu woti “Chaka Chimodzi, Achimwene”, mzere uliwonse umalemera chifukwa cha mutuwo. Palibe cholakwika kuti nyimbo ndi ndakatulo zikhale ndi mitu yosiyana, bola ndakatulo ikhale itakonzedwadi payokha.

Chomaliza, poti ajambuliwo angabwerenso ndi nzeru ina. Musalole kulemba feat. ndi dzina la woimba amene mulibe m'nyimbomo, kapena remix pa nyimbo yomwe ilibe ina yoyamba. Makampani otumiza nyimbo ku Spotify ndi Apple Music amatha kuikana, ndipo YouTube ili ndi lamulo loletsa mitu yosocheretsa anthu. Sankhaninso musanatumize. Kusintha mutu nyimbo itatuluka kumadutsa kwa otumizawo ndipo kumatenga masiku, pomwe amene anaikopera kale m'mafoni mwawo adzapitiriza kutumizirana ndi dzina lakale lija.