Vinyo wa seko sauma pakhosi, shuga wake ndi wochepa chabe

"Aphunzitsi, ndine wa ku Ulongwe, ndapeza ntchito yoperekera zakudya pa hotela ina mumzinda wa Tete. Alendo akati akufuna vinyo wa seko, ena meyo seko, ena dose, ine mutu umaima. Kodi seko ndiye kuti amaumitsa pakhosi?"

Ayi mng'ono wanga, mawu atatu a Chipwitikiziwo akunena za shuga basi. Madzi a mphesa amakhala ndi shuga wambiri, ndipo yisiti imadya shugayo n'kumusandutsa mowa. Ikadya pafupifupi yense, vinyoyo ndi seko. Akaiimitsa isanamalize, shuga wotsalayo ndiye amapereka kutsekemera.

Mabotolo a ku Portugal amatsata malamulo a ku Ulaya. Seko sapitirira magalamu 4 a shuga pa lita, meyo seko amalekera pa 12, ndipo dose amayambira pa 45. Apakatipo amatchedwa meyo dose. Koma vinyo wowawasa kwambiri amaloledwa kufika magalamu 9 n'kumatchedwabe seko, chifukwa kuwawasa kumabisa shuga. Iwe malambe ukuwadziwa: umathira shuga masipuni angapo koma lilime limangomvabe kuwawasa.

Phunzitsa lilime lako kunyumba, sipafunika ngakhale dontho la mowa. Sipuni yaing'ono yosasefukira ndi magalamu 4 kapena kuposerapo pang'ono. Tenga mabotolo atatu a madzi a lita imodzi, loyamba uthire sipuni imodzi, lachiwiri atatu, lachitatu 11. Loyambalo shuga wake sudzamumva bwinobwino, lachiwiri adzamveka patali, lachitatu palibe angakaike. Kenako finyira ndimu m'botolo lachiwiri ulawenso. Udzaona ngati shuga wathawa, pomwe sanapite kulikonse.

Chimene chimanamiza anthu ambiri ndi mphuno. Vinyo woyera amatha kununkhira ngati mango akupsa, munthu n'kuthamangira kunena kuti ngotsekemera, chonsecho alibe shuga. Pamene akukulawitsani pantchito, tsina mphuno, sunga pang'ono m'kamwa, ulavule, kenako udikire. Kutsekemera kwenikweni kumatsalira palilime ngakhale mphuno ili yotseka. Malovu akamadzadza m'kamwa, kumeneko ndi kuwawasa. Nkhama zikamagwirana ngati waluma nthochi yosapsa, zachokera ku makoko ndi njere za mphesa, makamaka mu vinyo wofiira, ndipo si zimene mawu oti seko amatanthauza.

Kutentha kwa ku Tete nakonso usakuiwale. Botolo limene lakhala patebulo kwa ola lathunthu limamveka lotsekemera ndi lolemera kuposa lomwelo litangotuluka mufiriji, choncho weruza vinyo woyera ali wozizira.

Chenjera ndi vinyo wa thovu. Kumeneko seko amakhala ndi magalamu 17 mpaka 32 pa lita. Mlendo wokana shuga akafuna wa thovu, mupatse wa buruti, amene shuga wake safika magalamu 12.