Malikisi a tenda ndi funso la kugula kapena kupanga

Funso: Ndikuphunzira zogula katundu pakoleji, ndipo asayimenti yanga ikufuna kuti ndisankhe wopambana tenda ya madesiki 500 a sukulu ina pogwiritsa ntchito malikisi, kenako ndinene ngati sukuluyo igule kapena izipangira yokha. Ndiyambire pati?

Yankho: Yambani ndi kugawa malikisi 100 musanayang'ane mtengo wa aliyense. Tiyerekeze kuti mtengo mwaupatsa malikisi 40, kulimba kwa desiki 35, ndipo nthawi yobweretsera katundu 25.

Kampani yoyamba yatchula K60,000 pa desiki, yachiwiri K75,000. Yotsika mtengo imatenga malikisi onse 40, pomwe inayo mumagawa 60,000 ndi 75,000 n'kuchulukitsa ndi 40, ndipo imapeza 32. Komiti younika matenda itaona zitsanzo, desiki ya yoyamba, yomwe matabwa ake ndi osauma bwino, yapatsidwa 5 pa 10, kutanthauza malikisi 17.5, pomwe ya yachiwiri yapatsidwa 9, kutanthauza 31.5. Pa nthawi, yoyamba yapeza 6 pa 10 ndipo yachiwiri 8, zomwe zikupereka 15 ndi 20. Mukaphatikiza, yoyamba ili ndi 72.5, yachiwiri 83.5, choncho yodulayo ndiyo yapambana.

Tsopano sinthani kagawidweko kuti mtengo ukhale ndi 70, kulimba 20, nthawi 10. Makampani ndi omwewo, madesiki ndi omwewo, koma yoyamba ikupeza 86 ndipo yachiwiri 82. N'chifukwa chake kagawidwe ka malikisi kamalembedwa m'chikalata choitanira tenda maenvulopu asanatsegulidwe, popeza wokasintha pambuyo pake amakhala akusankha yekha wopambana. Ndingakulangizeni kuti muonetse masamu awiriwa, ndipo mufotokoze chifukwa chomwe kulimba kukuyenera malikisi ambiri pa desiki yomwe ana adzaikoka ndi kuikwera tsiku ndi tsiku.

Pa zopanga nokha, siyanitsani ndalama zolipira kamodzi ndi zolowa pa desiki iliyonse. Tinene kuti makina ndi shedi zikufuna K9,000,000, pomwe matabwa, zitsulo, vanishi ndi malipiro a kalipentala zikukwana K50,000 pa desiki. Poyerekeza ndi K75,000, desiki iliyonse ikupulumutsa K25,000, ndipo ndalama za makina zimabwerera pa desiki ya nambala 360. Madesiki 500 opanga nokha akudya K34,000,000, ogula K37,500,000.

Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amaphonya. Ena amayerekeza ndi K60,000 ya kampani imene yagonja, ndipo amapeza kuti pakufunika madesiki 900, n'kulangiza zogula chifukwa cha mtengo wa katundu yemwe komiti yamukana kale. Ena amawerengera malipiro a mlonda ndi a mphunzitsi wamkulu, chonsecho ndalama zimenezi zidzalipidwabe kaya sukulu igule kapena ipange. Koma ngati shediyo ikadabwereketsedwa n'kumabweretsa lendi, lendi yotayikayo iwerengereni kumbali yopanga.

Kusiyana kwa K3,500,000 n'kochepa, chifukwa zolowa pa desiki zikangokwera kufika K57,000 phindu lonse latha. Ngati sukuluyo ilibe kalipentala wodalirika ndiponso sidzafuna madesiki ena chaka chamawa, ine ndikadalangiza kugula.