Andiitana ku intavyu koma sadziwa kuti sindimva: ndichite bwanji?

"Zikomo achimwene. Ine ndine mtsikana wa ku Ngabu, ndinasiya kumva ndili sitandade 3 nditadwala malungo aakulu. Ndimalankhula ndi manja, pakamwa ndimalankhulanso koma anthu osandizolowera amavutika kundimva. Kampani ina ya ulimi ku Nchalo yandiitana ku intavyu ya ukalaliki wosunga katundu sabata yamawa Lachinayi. M'kalata yofunsira ntchito sindinalembe kuti sindimva. Ndiwauze tsopano kapena akangoonera konko? Mlongo wanga akuti andiperekeza kukandimasulira. Nanga akandifunsa kuti ndizigwira bwanji ntchito osamva, ndiyankhe chiyani?"

Achemwali, auzeni lero, ndipo muwauze polemba. Kusalemba m'kalata yofunsira ntchito sikunali bodza, chifukwa munthu sakakamizidwa kufotokoza za thupi lake pamene akungopempha kuti amuganizire. Koma pano akuitanani kale. Anawerenga mapepala anu nawakonda asakudziwa china chilichonse, ndiye mphamvu ili kwa inu. Mukangotulukira pakhomo Lachinayi muli ndi munthu wachiwiri amene sakumuyembekezera, mlonda wa pageti akhoza kumuletsa kulowa, ndipo ngakhale alowe, mphindi zoyamba zonse zidzathera pa kudabwa ndi kukoka mipando. Intavyu zambiri sizitalika. Nthawi imeneyo ndi yoti azimva za ntchito yanu.

Uthengawo ukhale waufupi, wopanda kupepesa komanso wopanda mbiri ya malungo aja. Ngati malonda a ntchito anali m'Chingerezi mulembe m'Chingerezi, koma mfundo zake ndi izi: "Zikomo pondiitana, ndibwera Lachinayi pa nthawi yomwe mwanena. Ine sindimva, ndimagwiritsa ntchito chinenero chamanja, choncho ndibwera ndi womasulira. Chonde dzina lake likhale pageti, ndipo mundiuze ngati kampani ingathandize pa mayendedwe ake. Ngati nthawi yasintha mundidziwitse pa meseji, osati kuimba." Chiganizo chomalizachi musachisiye. Anzathu ambiri osamva ataya mwayi chifukwa a ku ofesi anaimba kawiri, foni osayankhidwa, iwo n'kudumphira dzina lotsatira. Mutumize pa imelo ndi pa meseji yomwe, ndipo musafufute. Tsiku lina pakadzakhala kukana kuti "sitinadziwe", umboni udzakhala m'manja mwanu.

Tsopano za mlongo wanu. Ndikudziwa kuti akuchita izi mwachikondi, koma ine sindikulimbikitsani kuti akhale womasulira wanu m'chipindamo. Manja a pakhomo ndi ena, chinenero chamanja chomwe munaphunzira kusukulu ndi china. Kunyumba mumamvana za nsima, za maliro, za madzi akasefukira. Kodi ali ndi chizindikiro cha khadi lolembapo katundu wolowa ndi wotuluka? Cha kusiyana kwa katundu wa m'buku ndi wa pashelefu? Akasowa chizindikiro adzafupikitsa funso, inu mudzayankha funso lofupikitsidwalo, ndipo ofunsa adzaganiza kuti ntchito simukuidziwa. Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa limeneli. Wachibale sapirira kukuonani mukuganiza. Mukangokhala chete pang'ono iye ayamba kukuyankhirani, "iyeyu ndi wolimbikira kwambiri, kunyumba amachita zonse," ndipo kuyambira pamenepo maso onse a ofunsa apita kwa iye. Womasulira wophunzira ntchito yake amanena zomwe mwanena basi, amati "ine" pamene inu mwati ine, saonjezera, sachotsera, ndipo zomwe wamva m'chipindamo sakazinena kunja. Mlongo wanu akuperekezeni pa minibasi, akudikireni pansi pa mtengo.

Omasulira ndi ochepa m'dziko muno, ndipo ambiri ali m'mizinda, kuno kuchigwa n'kovuta kumupeza wapafupi. Choncho lemberani a MANAD, bungwe la anthu osamva, lero lomwe, osadikira kuti kampani iyankhe kaye. Funsaninso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma la Chikwawa, ndi aphunzitsi a ana osamva amene mumawadziwa. Mphunzitsi wodziwa bwino manja aposa wachibale, ngakhale kuti kuphunzitsa ndi kumasulira si ntchito imodzi. Womasulira akachokera ku Blantyre, werengerani msewu. Ayenera kutsika zitunda za ku Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kenako kufika ku Nchalo, ndipo minibasi sinyamuka isanadzaze. Ngati intavyu ili 8 koloko m'mawa, pemphani kuti akuikeni chakumasana kapena womasulira agone konko. Pempho lotere ndi laling'ono, ambiri savuta nalo likabwera msanga.

Za ndalama mugwirizane poyera musananyamuke: ya mayendedwe, ya chakudya, ya ntchito yake, ndi amene alipire. Funsani kampani kaye. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 20, amaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, lamulo la za ntchito la 2000 limaletsanso zomwezo pa kalembedwe ka ntchito, ndipo Malawi inavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe limati malo a ntchito azikonza zofunika kuti munthu waulumali apikisane mofanana ndi anzake. Ndiye kupempha womasulira si kupempha chifundo. Komabe kunena zoona, makampani ena adzangoti bwerani naye nokha. Zikatero, ngati mungathe kusonkha, sonkhani, mkangano wa ndani alipire usakulepheretseni kukhala pampando uja.

Mukamupeza womasulira, musakumane naye koyamba pageti. Mutumizireni malonda a ntchito aja ndi mapepala anu, kenako muimbirane pa vidiyo kapena mukhale pansi ola limodzi dzulo lake. Apa ndi pamene ntchito yeniyeni ili. Mupangane zizindikiro za mawu a ntchitoyi: feteleza, dizilo, zipangizo za mathirakitala, chikalata cholandirira katundu, chikalata chopemphera katundu. Muuzeni sukulu yomwe munaphunzira, chifukwa amene anaphunzira ku Mountain View ku Thyolo ndi amene anaphunzira ku Embangweni ku Mzimba amasiyana zizindikiro zina. Muyeserere manambala, pakuti pa ntchito yosunga katundu 15 akasanduka 50 ndiye kuti yankho lonse lagwa. Mugwirizanenso ngati muzilankhula nokha pakamwa kapena iye azikulankhulirani. Poti mwati osakuzolowerani amavutika kukumvani, ine ndingati perekani moni ndi dzina lanu pakamwa ngati mumakonda kutero, koma mayankho aatali apite pamanja, kumene muli omasuka. Ndipo muchenjezeni za kwathu kuno: mafunso adzabwera m'Chingerezi, koma ofunsa akhoza kutembenukira ku Chimang'anja kapena Chisena akamacheza okha. Ngati Chisena sachimva, anene poyera kuti sanamve, asangoti zii inu n'kumadabwa kuti anthu akuseka chiyani.

M'chipindamo, womasulira akhale mbali ya ofunsa, pafupi ndi amene akutsogolera, moyang'anana nanu, kuti muziona manja ake ndi nkhope zawo nthawi imodzi. Akakhala pambali panu mudzakhala mukupotoza khosi ndipo ofunsa adzangoona khutu lanu. Kumbuyo kwake kusakhale zenera. Dzuwa la ku Nchalo likamalowa kumbuyo kwa munthu, nkhope yake imada bii, ndipo m'chinenero chamanja nkhope ndi imene imasonyeza kuti ili ndi funso kapena ayi. Musaope kupempha kuti atseke katani kapena musinthane mipando. Musanayambe, nenani zinthu ziwiri zokha: azilankhula mmodzimmodzi, ndipo yankho lanu lizichedwa pang'ono chifukwa womasulira amayamba wamva kaye ganizo lonse. Mukapanda kunena, kachetechete kameneko ena amakayesa kusadziwa. Funso likakusokonezani, pemphani alibwereze. Musagwedeze mutu ngati mwamva pamene simunamve, chizolowezi chimene ambiri anachiphunzira ali ana pofuna kusavutitsa anthu. Pa intavyu chimapweteketsa.

Womasulira akalephera kufika, muli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi yoti azikumasulirani pa vidiyo ya pa foni, choncho bandulo ikhale yokwanira, batire lodzaza, ndipo foni muiimike patebulo kuti manja anu onse awiri akhale omasuka. Netiweki ikavuta, pemphani kuti mafunso alembedwe papepala inu muziyankha polemba. Musavomere kudalira kuwerenga milomo kokha. Pa milomo "pala", "bala" ndi "mala" amaoneka chimodzimodzi, ndiye ganizirani anthu anayi achilendo akulankhula Chingerezi, wina atawerama pa fayilo.

Funso lija lidzabwera ndithu, mwina mwaulemu, mwina mosabisa: "Nanga muzigwira bwanji osamva?" Musaliyankhe ndi mawu oti ndine wolimbikira. Liyankheni ndi ntchito. Mwachitsanzo: "Dalaivala akabwera kudzatenga matumba 40 a feteleza, sinditulutsa kanthu popanda chikalata chosainidwa. Ndimawerenga matumba ndi maso, ndimalemba pa khadi, iye amasaina. Ngati chikalata chikuti 40 koma iye akufuna 45, ndimamulembera kuti abwerere kwa bwana wake akakonze. Pa ntchito imeneyi mawu a pakamwa si umboni ngakhale kwa amene amamva." Yankho lotere likuonetsa kuti mumadziwa pamene katundu amasowera. Akafunsa za foni, nenani kuti maoda abwere pa meseji kapena pa WhatsApp, ndipo ubwino wake amasiya umboni. Akafunsa za ngozi, monga moto kapena galimoto yonyamula katundu ikubwerera m'mbuyo, musalipeputse funsolo, ndi loona. Nenani kuti tebulo lanu liyang'ane kukhomo, belu la ngozi likhale ndi getsi lophethira, ndipo mnzanu mmodzi pa shifiti adziwe kuti ayenera kukukodolani. Muwauzenso kuti womasulira sadzafunika tsiku lililonse, koma pa maphunziro ndi pa misonkhano ikuluikulu, pakuti ambiri amaopa kuti alemba anthu awiri pa malipiro a mmodzi.

Pali mafunso ena amene simukakamizidwa kuwatsata: munadwala chiyani, kwanu alipo ena otere, ana anu amamva? Yankhani mwaulemu kamodzi, "Ndinasiya kumva ndili mwana, thanzi langa lili bwino, ndipo sizikhudza ntchitoyi," kenako bwererani ku za katundu. Wina akayamba kufunsa womasulira kuti "kodi iyeyu amatha kulemba?", yankhani ndinu, mukumuyang'ana wofunsayo m'maso.

Mukatuluka, lembani tsiku lomwelo mafunso onse amene anakufunsani ndi mayankho anu, mutu usanaiwale. Akadzakuuzani poyera kuti sakutengani chifukwa simumva, tengani zolembazo pamodzi ndi mameseji aja mupite nazo ku ofesi ya zantchito pa boma kapena ku Malawi Human Rights Commission, ndipo a MANAD muwadziwitse. Pa mapepala ofunsira ntchito ina iliyonse mtsogolomu, pafupi ndi nambala yanu ya foni muzilembapo kuti meseji kapena WhatsApp basi.